Makoilo awiri a Helmholtz: pulogalamu ikundipatsa 9.08 pomwe buku likuti 8.99

Tadala: Abale ndithandizeni kaye. Ndalemba kapulogalamu ka Python koduladula waya wa koilo mtizidutswa ting'onoting'ono kenako nkuphatikiza mphamvu ya maginito ya kachidutswa kalikonse ndi lamulo la Biot-Savart, cholinga ndione ndekha ngati ndi zoona kuti makoilo awiri oyang'anizana, otalikirana mtunda wofanana ndi rediyasi yawo, amapereka mphamvu yofanana pakati pawo. Rediyasi ndi masentimita 10, waya wazungulira kamodzi pa koilo iliyonse, kalenti ndi ampeya imodzi. Fomula ikuti pakatikati ndipeze mamaikilotesila 8.99 koma ine zikutuluka 9.08. Galafu ikuoneka bwinobwino yafulati pakati ndiye sindikudziwa vuto lili pati.

```python
import numpy as np
mu0 = 4e-7*np.pi

def koilo(p, z0, R=0.1, I=1.0, n=100):
    t = np.linspace(0, 2*np.pi, n)
    dt = t[1] - t[0]
    s = np.c_[R*np.cos(t), R*np.sin(t), np.full(n, z0)]
    dl = np.c_[-np.sin(t), np.cos(t), np.zeros(n)]*R*dt
    r = p - s
    d = np.linalg.norm(r, axis=1)
    return mu0*I/(4*np.pi)*(np.cross(dl, r)/d[:, None]**3).sum(axis=0)

p = np.array([0.0, 0.0, 0.0])
print(koilo(p, 0.05) + koilo(p, -0.05))
```

Kondwani: Sisi palibe vuto apa, tizidutswa 100 tachepa basi. Bwalo ukaliduladula limakhala la makona ndiye yankho silingafanane ndendende ndi la fomula. Ikani n=1000 muone kuti zisendera.

Tadala: Ndaika 1000 zatuluka 9.0008, zasenderadi

Kondwani: Mwaonatu. Ikani 10000 mukapume kkkk

aGondwe: Dikirani kaye a Kondwani, musawagoneke msanga. Kusenderako kukuchitikadi koma chifukwa chake si chimene mwanenacho. Tengani 9.0826 mugawe ndi 8.9918, mupeza 1.0101, ndipo nambala imeneyi ndi 100 kugawa ndi 99. Ya 1000 ija nayonso ndi 1000 kugawa ndi 999. Kulakwika kobwera chifukwa cha makona sikumatuluka nambala yoyera chonchi. Izi zikungonena kuti pali kachidutswa kamodzi komwe kawerengedwa kawiri.

Onani mzere wa `linspace` uja. Ukauza kuti uyambe pa 0 ukathere pa `2*np.pi` umaika mapeto onse awiri, chonsecho pa bwalo 0 ndi `2*np.pi` ndi malo amodzi omwewo. Ndiye mipata ilipo 99 koma madontho 100, ndipo dontho lililonse mwalipatsa utali wa mpata umodzi. Waya wanu watalika ndi kachidutswa kamodzi. Konzani chonchi:

```python
t = np.linspace(0, 2*np.pi, n, endpoint=False)
```

Tadala: Eeee yatuluka 8.99176e-06 ndendende. Zikomo aphunzitsi

aGondwe: Musathokoze msanga, pali china. Tsopano popeza mwakonza, ikani n=4 muthamangitsenso.

Tadala: Iiii yatulukanso 8.99176e-06 yomweyo?? tizidutswa 4 tokha. Ndaononganso chinthu kapena

aGondwe: Simunaononge kanthu. Mmene mwalembera pulogalamu yanu, kachidutswa kalikonse kakhala pa bwalo penipeni, kakuloza momwe waya akulowera pamalopo, ndipo utali wake ndi `R*dt`. Mukaima pa mzere wodutsa pakati pa makoilo onse awiri, tizidutswa tonse ta koilo imodzi tili pa mtunda wofanana kuchokera pamene mwaimapo ndipo tapendekeka mofanana, ndiye kalikonse kakupereka gawo lofanana la Bz, chigawo cha mphamvu chotsata mzerewo. Kaya mudule pa 4 kaya pa 4000, utali wonse ukhalabe `2*pi*R` ndipo yankho likhala lomwelo. Ndiye kufanana ndi fomula pa mzere wapakati kukukuuzani kuti `mu0`, `4*pi` ndi `cross` zili bwino, koma sikukukuuzani kanthu ngati tizidutswa takwana. Funso limenelo limayankhidwa mukachoka pa mzerewo.

Kondwani: Komatu ine ndinapangapo zomwezi ndipo n ikachepa yankho limasinthadi, sindikunama ayi. Ndi tizidutswa 12 ndinkapeza zoposa 9.3

aGondwe: Simukunama, kungoti inu munadula mwanjira ina. Ndikuganiza munatenga madontho pa bwalo nkumachotsera lotsatira ndi lapambuyo kuti mupeze `dl`, kenako nkuika kachidutswako pakati pa madontho awiriwo. Sichoncho?

Kondwani: Eya ndi `np.diff` kenako avereji ya madontho awiri

aGondwe: Ndiye pamenepo koilo yanu ndi yamakonadi. Pakati pa kachidutswa kowongoka pamalowa mkati mwa bwalo pang'ono, komanso tizidutswa tonse pamodzi timafupikirapo kuyerekeza ndi bwalo. Zinthu ziwirizi zimakokerana mbali zosiyana koma kulowa mkati kuja kumapambana, ndiye yankho limakwera. Ndi 12 mupeza 9.33, kupyola ndi maperesenti 3.7. Ndi 36 mupeza 9.03, kupyola ndi 0.4. Ndi 360 kupyolako ndi 0.004 peresenti basi. Taonani kusiyana kwake ndi vuto la a Tadala: kwa inu n ikachuluka ka 10 kulakwika kumachepa ka 100, pomwe kwa iwo n itachuluka ka 10 kulakwika kunangochepa ka 10. Ndi mmene ine ndimasiyanitsira kuchepa kwa tizidutswa ndi cholakwika chenicheni cha mpulogalamu, ndimangoona liwiro lomwe kulakwikako kukuchepera.

Yamikani: Pepani ndalowa mochedwa sindinawerenge zonse. Koma 0.05 ndi -0.05 mwaikazo si zolakwika? Ine ndimadziwa kuti koilo iliyonse imakhala mtunda wa rediyasi imodzi kuchokera pakati ndiye zikanakhala 0.1 ndi -0.1

Tadala: Ayi achimwene, rediyasi imodziyo ndi kuchokera pa koilo kukafika pa koilo inzake, ndiye kuchokera pakati ndi theka mbali iliyonse

Yamikani: Mukutsimikiza? chifukwa ine ndikukumbukira chithunzi ndithu

Kondwani: Aise ingoyesani mpulogalamumo, ndi ntchito yake imeneyo. Mukaika 0.1 ndi -0.1 pakati pamatsika kufika 4.44 pomwe pa koilo penipeni ndi 6.85, galafu imakhala ngati mapiri awiri ndi chigwa pakati, palibe chafulati pamenepo

Yamikani: Ok ndaona. Nde ndikatembenuza kalenti ya koilo imodzi chimachitika ndi chani

Kondwani: Pakati pamakhala ziro, mphamvu imakwera mbali imodzi nkutsika mbali inayo pafupifupi mowongoka. Ena amazifuna dala zimenezo pa ntchito zina koma si zomwe tikukamba pano. Ngati wina pulogalamu ikumupatsa ziro pakati ayang'ane kaye chizindikiro cha `I`

Tadala: Aphunzitsi ndabwereranso pa vuto loyamba lija pali chomwe chikundisowetsa mtendere. Ngati kachidutswa kamodzi kanawerengedwa kawiri mbali imodzi ya bwalo, bwanji Bx, chigawo cha mphamvu choloza chammbali, inkatuluka ziro? Ndimayembekezera kuti mphamvu ipendekekera mbali

aGondwe: Funso labwino ndipo ndi msampha wina wa kuyeza pakatikati pokha. Kachidutswa kowonjezera ka koilo yapamwamba kamakankhira Bx mbali imodzi, ka koilo yapansi kamakankhira mbali inayo, ndipo pakatikati penipeni ziwirizi ndi zofanana ndiye zimafafanizana. Bwezerani cholakwika chija mongoyesa, ndi n=100, muike `p` pa z = 0.02. Mupeza Bx ya pafupifupi mamaikilotesila 0.008, pamalo pomwe imayenera kukhala ziro chifukwa pa mzere wapakati mphamvu ilibe chifukwa chosankhira mbali. Ndi kanambala kakang'ono koma sikaphokoso ka kompyuta ayi, ka phokoso kamakhala ndi maziro ambirimbiri kutsogolo. Nchifukwa chake ine ndimakonda kuti pulogalamu izisindikiza zigawo zonse zitatu, osati Bz yokha.

Thoko: Ine funso langa ndi lakuti mukamati galafu yafulati mukutanthauza chani kwenikweni. Chifukwa galafu iliyonse imaoneka yafulati ukaiyambitsa pa ziro

aGondwe: Mwalasa a Thoko. Maso pa galafu sangatsimikize kanthu, muyenera kusindikiza kusiyana kwa Bz pamalo ena ndi Bz ya pakati, mmaperesenti. A Tadala tayesani pa sentimita imodzi, 2, 3 ndi 5 kuchokera pakati potsata mzere uja.

Tadala:

```python
def B(x, z, h=0.05):
    p = np.array([x, 0.0, z])
    return koilo(p, h) + koilo(p, -h)

for z in (0.01, 0.02, 0.03, 0.05):
    print(z, 100*(B(0, z)[2]/B(0, 0)[2] - 1))
```

Pa sentimita imodzi yatsika ndi 0.0114 peresenti, pa 2 yatsika ndi 0.176, pa 3 ndi 0.84, pa 5 pomwe pali koilo penipenipo yatsika ndi 5.4

aGondwe: Umboni womwe mumaufuna uja uli mu manambala awiri oyambawo. Mtunda mwauchulukitsa kawiri, kuchoka pa 1 kufika pa 2, koma kutsikako kwachuluka pafupifupi ka 15 ndi theka, kuyandikira 16. Ndipo 16 ndi 2 kuchulukitsa yekha kanayi. Zikanakhala kuti makoilo angoikidwa mtunda wina uliwonse, kusinthako kukanachuluka ka 4 kokha, chifukwa gawo la `z**2` likanakhalapo. Pa mtunda wa rediyasi imodzi gawo limenelo limafa, kumatsala la `z**4`, lomwe pafupi ndi pakati ndi laling'ono zedi.

Chifukwa chake sichovuta. Mphamvu ya koilo imodzi pa mzere wake imakhala yaikulu pa koilo penipeni nkumatsika ukamatalikira. Pafupi ndi koilo galafu imapindikira pansi, kutali imapindikira mmwamba, ndipo pali malo amodzi pomwe imasinthira, pamenepo imakhala ngati mzere wowongoka wotsetsereka. Malo amenewo ali pa theka la rediyasi kuchokera pa koilo. Ndiye mukaika makoilo awiri moti malo awo owongokawa akumane, kutsika kwa ina kumalipiridwa ndi kukwera kwa inzake ndipo palibe kupindika kotsala. Amene akufuna masamu ake, kupindikako kumayendera `4*u**2 - R**2`, pomwe u ndi mtunda kuchokera pa koilo, ndipo izi ndi ziro pa `u = R/2`. Pafupi ndi pakati kutsikako mungakuyerekeze ndi `1.152*(z/R)**4`.

Thoko: Ndiye kuti nditsimikize kuti pulogalamu ikuonadi kusiyana ndisunthe makoilo dala eti

aGondwe: Ndithu. Mayeso omwe sangalephere si mayeso. Sinthani `h` ikhale 0.055 kenako 0.045.

Tadala: Ndi h=0.055 pa masentimita 2 yakwera ndi 0.55 peresenti mmalo motsika. Ndi h=0.045 yatsika ndi 0.94. Ndiye makoilo akatalikirana pang'ono pakati pamapanga kachigwa, akayandikana pamatukuka

Kondwani: Nde apa ine ndili ndi maganizo. Ngati munthu ukungofuna kuti mphamvu isasinthe kupyola peresenti imodzi, kuwatalikitsa pang'ono kuli bwinoko kuposa rediyasi imodzi ndendende, chifukwa imayamba yakwera kaye pang'ono kenako nkumatsika, ndiye dera lomwe ili mkati mwa peresenti imodzi limatalika. Helmholtz weniweni amangoyamba kutsika basi

aGondwe: Pa mzere wapakati mukunena zoona. Koma chinthu chomwe mukachiike pakatipo chili ndi mulifupi, sichikhala pa mzere pokha. Mphamvu ya maginito pamalo popanda waya ili ndi lamulo lakuti ikamapindikira mmwamba potsata mzere, chammbali iyenera kupindikira pansi. Ndi h=0.055 mukasunthira chammbali masentimita 2 mupeza yatsika ndi 0.4 peresenti ndi kanthu, pomwe pa h=0.05 malo omwewo yangotsika ndi 0.07. Mwapindula mulitali, mwaluza mulifupi.

Kondwani: Koma ngati chinthu changa ndi chachitali chowonda ngati kachubu ndiye ndapindulabe

aGondwe: Ngati ndi chowondadi, mwina. Ine ndikanafuna ndione manambala a chubu chanucho kaye.

Tadala: Za chammbalizi ndayesa nanenso. `B(0.02, 0)` yatsika 0.07 ngati mwanena. Koma `B(0.02, 0.02)` yakwera pafupifupi 0.3 peresenti kuposa pakati, ndimaganiza kuti kulikonse ukachoka pakati imatsika

aGondwe: Ayi siingatsike kulikonse. Mukayenda chopingasa, mmwamba ndi chammbali nthawi imodzi, mukulunjika kumene kuli waya, ndipo kufupi ndi waya mphamvu imakula. Potsata mzere imatsika, chammbali pakatikati imatsika, chopingasa imakwera. Nchifukwa chake dera lofanana lija mukalijambula silikhala lozungulira, limatuluka timanja mmalo omwe kukwera ndi kutsika zikufafanizana. Ndipo pamalo amenewo yang'ananinso Bx, tsopano siikhalanso ziro ndipo si cholakwika, mizere ya maginito yayamba kupinda.

Apa ndi pomwe n imagwira ntchito tsopano. Thamangitsani `B(0.02, 0.02)` ndi n=4, 8, 16, 100 muone. Ndi 4 nambala isiyana, koma ikhazikika msanga kwambiri chifukwa malowo ali kutali ndi waya. Vuto limabwera mukayandikira waya. Bwalo la masentimita 10 ndi lotalika pafupifupi masentimita 63, ndiye ndi n=100 kachidutswa kalikonse ndi mamilimita 6 ndi kanthu. Mukaima mamilimita 2 kuchokera pa waya pulogalamu siikuonanso waya, ikuona madontho otalikirana, ndipo yankho lizidumphadumpha kutengera ngati mwayang'anizana ndi dontho kapena mpata. Mtunda wanu kuchokera pa waya uzikhala woposa utali wa kachidutswa kangapo. Mukagwera pa dontho penipeni `d` ndi ziro ndipo mulandira `nan`.

Mphatso: Nkhani yabwino iyi ndipo yandifika pomwe pamandiyabwa. Ine ndinakulunga makoilo enieni awiri, rediyasi masentimita 10 yomweyo, waya wazungulira ka 20 pa iliyonse, kalenti theka la ampeya. Mwa masamu ndi 8.99 kuchulukitsa ndi 10 ndiye pafupifupi mamaikilotesila 90. Koma foni yanga ikaikidwa pakati imawerenga zoposa 100 ndipo ndikatembenuza zonsezo kuyang'ana kwina nambala imasinthanso, nde pulogalamu ingandithandize bwanji pamenepa

Thoko: Ameneyo ndi maginito a dziko achimwene, pulogalamu siikuwadziwa. Dziko lenileni limapereka pakati pa mamaikilotesila 25 ndi 65 kutengera komwe muli, ndiye pa 90 wanuyo si zochepa. Werengani kalenti ili yozimitsa, muwerengenso ili yoyaka, muchotsere. Kapena yezani kalenti ikupita uku kenako ikupita uko, kusiyana kwake mugawe pawiri

aGondwe: A Thoko anena bwino, ndingoonjezera kuti pochotserapo muzichotsera chigawo chimodzi choloza momwe makoilo ayang'anira, osati nambala ya mphamvu yonse yomwe mapulogalamu ambiri a pafoni amaonetsa pamwamba. Nambala yonseyo yasakaniza mbali zitatu ndiye siichotsereka mwachindunji. Komanso kachipangizo koyeza maginito sikakhala pakati pa foni nthawi zambiri, mungaganize kuti muli pakatikati chonsecho kali masentimita angapo chammbali, ndipo mwaona kale mmanambala a Tadala kuti kupyola masentimita 3 zinthu zimayamba kuthawa.

Mphatso: Nanga poti waya wozungulira ka 20 sali pamalo amodzi, wadzaza kampata ka pafupifupi sentimita imodzi mulifupi, mtunda wa pakati pa makoilo ndiziyeza kuchokera pati, mkati kapena kunja

aGondwe: Kuchokera pakati pa mulu wa waya kukafika pakati pa mulu winawo, ndipo rediyasi nayonso ikhale ya pakati pa muluwo, osati ya chinthu chomwe mwakulungirapo. Apa ndi pomwe kapulogalamu aka kamaposa fomula. Itanani `koilo` ka 20 mbali iliyonse, ulendo uliwonse ndi `R` ndi `z0` ya kuzungulira kumeneko, muphatikize. Kenako bwerezani mayeso a 16 aja. Ngati kutsika kwa pa masentimita 2 kugawa ndi kwa pa sentimita imodzi kwachoka pa 15 kapena 16 nkumasendera ku 4, ndiye kuti gawo la `z**2` labwerera ndipo musunthe `h` pang'ono mpaka lichoke.

Yamikani: Anga ndi a makona 4 chifukwa ndi osavuta kukhoma ndi matabwa, zomwezi zigwira?

Kondwani: Zigwira koma mtunda wa pakati pa makoilo awiriwo si theka la mbali ndendende, ndi pafupifupi 0.5445 kuchulukitsa utali wa mbali imodzi. Ndipo pamenepo njira yanga ya `np.diff` ndi yomwe ikuthandizeni poti mbali zake ndi zowongoka kale, palibe zolowa mkati mwa bwalo zija

aGondwe: Zoona, bola mbali iliyonse muidule mtizidutswa tambiri, musaitenge ngati kachidutswa kamodzi. Ndipo pa makona 4 mwayi uja wa n=4 kulibe, ngakhale pa mzere wapakati tizidutswa sitili pa mtunda wofanana.

Thoko: Ine pa nkhani yotalikitsa ija ndili mbali ya a Kondwani pang'ono. Makoilo okulunga pamanja sungawaike molondola kufika pa milimita, ndiye kulimbana ndi `z**4` ndi zapapepala. Bola kungosankha peresenti yomwe ukuilola nkuona dera lake

aGondwe: Milimita imodzi pa masentimita 10 ndi peresenti imodzi ya mtunda, ndipo sentimita yathunthu ndi yomwe yatipatsa 0.55 ija, ndiye milimita siikupwetekani kwenikweni. Chomwe chimaononga kwambiri pa zokulunga pamanja ndi koilo ina kupendekeka kapena kukhala ndi waya wochepa ndi kuzungulira kumodzi kuposa inzake, pa 20 kumeneko ndi maperesenti 5 a koilo imodzi ndipo galafu yonse imatsetserekera mbali imodzi.

Tadala: Zosiyana kuzungulira ndiyesa pompano ndi `I=0.95` pa koilo imodzi. Zopendekeka sindikudziwa ndizilemba bwanji, a Kondwani muli ndi kanjira kotembenuzira `s` ndi `dl` limodzi?

Kondwani: Ndili nako pa kompyuta ina, ndi matirikisi imodzi yomweyo mumachulukitsa zonse ziwiri koma mutembenuze musanaonjezere `z0` apo ayi koilo isunthanso chammbali. A Mphatso nanu tumizani miyeso ya mulu wa waya wanuwo, mulifupi ndi kuchindikala kwake, tiike momwemo